Pologalamu ya msonkhano: werengani mphindi musanatsegule Word

Mndandanda wa zochitika pamsonkhano sufika uli wokonzeka. Umabwera pa WhatsApp kapena pakapepala kolembedwa pamanja pomwe komiti imakumana, mizere ina ili ndi nthawi, ina ilibe, wina walembedwa dzina lokha, wina udindo wokha. Wopatsidwa ntchito youkonza nthawi zambiri amathamangira kutsegula Word, kusankha zilembo zokongola ndi kuika chizindikiro cha bungwe pamwamba, nthawi n'kumangoziika mongoyerekeza pamene akulemba. Pologalamu yotero imaoneka bwino papepala koma imasweka isanafike nthawi ya tiyi. Ntchito yeniyeni ndi masamu a mphindi, ndipo kukongoletsa kumabwera kumapeto.

Titenge msonkhano wapachaka wa bungwe la alimi, wa tsiku limodzi, anthu 120, muholo ya paboma. Mndandanda wochokera ku komiti uli ndi izi: kulembetsa, pemphero ndi kudziwana, mawu olandira alendo a wapampando, lipoti la mlembi, mawu a mlendo wolemekezeka, kujambula chithunzi cha gulu, tiyi, lipoti la msungichuma, mafunso, maphunziro awiri (lina la misika, lina la kasungidwe ka zokolola), nkhomaliro, zokambirana m'magulu anayi, malipoti a magulu, ndi kutseka. Pambali pa ena mwalembedwa mphindi zimene olankhulawo apempha.

Musanayale chilichonse, funsani nthawi zimene sizingasunthike, chifukwa zonse zidzayenera kulowa pakati pa zimenezo. Pamsonkhano wathu zilipo zinayi. Ophika anena kuti tiyi aikidwa 10:30 ndipo nsima ipsa 12:30. Ofesi ya mlendo wolemekezeka yanena kuti afika 09:30 ndipo ayenera kunyamuka 10:30. Ndipo anthu ochokera kutali ayenera kukhala atatuluka pofika 16:00 kuti apeze maminibasi kusanade. Nthawi izi sizichokera m'mutu mwa wolemba pologalamu, zimachokera kwa eni ake, ndiye muwaimbire foni. Nthawi ya chakudya ndiyo imene ambiri amaiona ngati yosavuta kukankha, koma ndi yovuta kuposa zonse: nsima ya anthu 120 ikapsa siidikira, ndipo anthu akangoona mbale zikulowa maganizo awo amachoka kwa wolankhula.

Tsopano masamu. Kuchokera 08:00 mpaka 16:00 ndi maola asanu ndi atatu, kapena mphindi 480. Chotsanipo 30 za kulembetsa, 30 za tiyi ndi 60 za nkhomaliro, mutsala ndi 360. Kenako phatikizani zimene komiti yapempha: pemphero ndi kudziwana 15, wapampando 10, mlembi 30, mlendo 30, chithunzi 15, msungichuma 30, mafunso pa malipoti 30, maphunziro awiri 45 lililonse ndi mafunso a mphindi 15 pa lililonse, magulu 60, malipoti a magulu 40, kutseka 20. Zonse pamodzi ndi mphindi 400. Zapitirira ndi 40, ndipo m'menemo mulibe ngakhale mphindi imodzi yoti munthu achoke pampando, afike kutsogolo, alumikize kompyuta yake ku makina oonetsera zithunzi ndi kuyesa maikolofoni. Kusinthana kumeneku kumadya mphindi ziwiri mpaka zisanu nthawi iliyonse, ndipo kukachitika kakhumi patsiku theka la ola latha.

Nambala ya 40 ija ndi yofunika kuipeza msanga chifukwa ndi imene mupite nayo kwa wapampando. Kudula nthawi ya munthu si udindo wa wokonza pepala. Udindo wanu ndi kunena kuti "zapitirira ndi mphindi 40, nazi njira zodulira", iwo asankhe, ndipo olankhula auzidwe mphindi zawo zatsopano pologalamu isanasindikizidwe. Munthu amene wakonzekera mphindi 45 n'kuona 30 papepala m'mawa wa tsikulo adzalankhula 45 zake zomwezo.

Kudulako sikuchitika pa tsiku lonse mwachisawawa, kumachitika m'zigawo zitatu zimene nthawi zosasunthika zija zapanga. Chigawo choyamba, 08:30 mpaka 10:30, chili ndi mphindi 120. Pemphero ndi kudziwana zitenge 15, wapampando 10, mlembi 25, ndipo tafika 09:20. Apa tikuwonjezera mzere umene sunali pamndandanda: kulandira mlendo wolemekezeka, mphindi 15, mpaka 09:35. Mzere umenewu uli ndi ntchito ziwiri. Ngati mlendo wafika pa nthawi yake, umathera pa kuimirira, nyimbo ndi kukhazika anthu pamalo awo. Ngati wachedwa pang'ono, mafunso kwa mlembi angadzaze mpatawo popanda wina kuzindikira. Mawu a mlendo tiwapatse 35 osati 30, chifukwa salankhula asanaitanidwe ndi wina, ndipo woitanayo naye amakhala ndi mawu ake. Chithunzi chipatsidwe 20: kutulutsa anthu 120 panja, kuika mipando ya kutsogolo ndi kuwaimika m'mizere sikutheka m'mphindi 15. Chiikeni chigundane ndi tiyi kuti anthu atuluke kamodzi kokha, ndipo mlendo anyamukire pomwepo.

Chigawo chachiwiri, 11:00 mpaka 12:30, ndi mphindi 90 zokha. Msungichuma 25, mafunso pa malipoti onse awiri 25, phunziro la misika 40, momwe 30 ndi za kuphunzitsa ndipo 10 za mafunso. Chachitatu, 13:30 mpaka 16:00, chili ndi 150: phunziro la kasungidwe ka zokolola 40, magulu 45, malipoti a magulu 35, mfundo zogwirizana ndi kutseka 30. Malipoti a magulu anayi m'mphindi 35 ndiye kuti gulu lililonse lili ndi 8, zotsala 3 ndi zosinthana. Kutseka kwenikweni kumafuna 20, ndipo 10 zinazo ndi zosungira, zoti zimeze kuchedwa kwa masana. Musazilembe papepala ngati "nthawi yapadera", wina adzapempha kuti alankhulepo. Kuika phunziro nsima itangotha si kwabwino, anthu amaodzera, koma pano magulu akambirana za maphunziro onse awiri, ndiye sangatsogole. Chimene chingatheke ndi kuika masana phunziro lomwe lili ndi zoonetsa, matumba ndi mankhwala ogwirika ndi manja, ndipo la manambala a mitengo likhale m'mawa.

Masamuwa angachitike papepala, koma komiti idzasintha maganizo kangapo, ndipo kusintha mzere umodzi kumasuntha nthawi za mizere yonse yapansi pake. Pa chifukwa chimenechi ndi bwino kuwachitira mu Excel kapena LibreOffice Calc. Kolamu A ikhale nthawi yoyambira, B mphindi, C nthawi yothera, D nthawi yolembedwa monga idzaonekere papepala, E chochitika, F wolankhula. Nthawi mulemba pamanja kamodzi kokha, mu A2, ndipo ndi 08:00. Zina zonse zidziwerengera zokha:

```
C2:  =A2+TIME(0,B2,0)
A3:  =C2
D2:  =TEXT(A2,"hh:mm")&"–"&TEXT(C2,"hh:mm")
```

Kokerani mafomulawa pansi mpaka mzere womaliza, kenako yang'anani malo atatu: tiyi ayenera kuyamba 10:30, nkhomaliro 12:30, ndipo kabokosi komaliza ka C kanene 16:00. Pamene pasiyana, chigawo chimenecho chili ndi mphindi zochuluka kapena zoperewera.

Pali zinthu zitatu zimene zimasokoneza anthu pano. Mukaona 0.354167 m'malo mwa 08:30, masamu sanalakwike. Excel imasunga nthawi ngati gawo la tsiku, ndiye kabokosiko kangofunika kuuzidwa kuti kaonetse nthawi: Ctrl+1, Custom, lembani hh:mm. Chachiwiri ndi choopsa chifukwa sichidandaula. Mukalemba 8.30 ndi kadontho kamodzi m'malo mwa 8:30, Excel imawerenga masiku asanu ndi atatu ndi kagawo ka tsiku, ndipo kolamu D idzaonetsa 07:12. Tsiku lonse lidzayalidwa bwinobwino kuchokera pa nthawi yolakwikayo. Chachitatu, makompyuta ena anakonzedwa kuti mbali za fomula zilekanitsidwe ndi chizindikiro cha ; m'malo mwa koma, ndiye fomula ikakanidwa sinthani zizindikirozo. Komanso mukalowetsa mzere watsopano pakati, kokeraninso mafomula kuchokera pamwamba, apo ayi mzere wapansi pake udzapitiriza kuwerengera kuchokera pa mzere wakale ndipo zochitika ziwiri zidzakhala pa nthawi imodzi.

Za kalembedwe ka nthawi, sankhani kamodzi ndi kukhala nako. Kalembedwe ka maola 24, monga 13:30, kamatenga malo ofanana pamzere uliwonse ndipo sikafuna "m'mawa" kapena "masana". Ku Zambia anthu anakazolowera ngakhale polankhula. Ku Malawi ambiri amanena kuti hafu pasiti wani, ndipo ngati opezekapo ndi anthu amene 15:30 iwachititsa kuwerenga zala, lembani 3:30 basi, palibe amene angaganize kuti ndi usiku. Chosayenera ndi kusakaniza 2:10, 14.10 ndi 2 koloko papepala limodzi.

Kolamu ya olankhula ndi imene imabweretsa madandaulo ambiri kuposa ina iliyonse. Nthawi ikalakwika anthu amaseka, koma dzina likalakwika munthu amakhumudwa ndipo saiwala. Dzina lililonse litsimikizidwe ndi mwini wake kapena ofesi yake polemba, osati pakamwa, chifukwa maina ambiri amamveka mofanana koma amalembedwa mosiyana, L ndi R akusinthana, H alipo kapena palibe. Kalembedwe kakhale kamodzi pa onse: ulemu, dzina, kenako udindo pamzere wachiwiri m'zilembo zocheperapo. Mukalemba Dokotala kapena Abusa pa mmodzi, musasiye Mayi kapena Bambo pa ena. Mafumu amalembedwa ndi dzina la ufumu ndi mlingo wake woyenera, ndipo kutcha Mfumu Yaikulu ngati nyakwawa ndi mlandu umene komiti idzakapepese. Ngati ofesi ina yalonjeza kutumiza munthu koma sinanene kuti ndani, lembani udindo wokha, monga "Woimira ofesi ya zaulimi ya boma". Mzere wotero umakhalabe woona ngakhale abwere wina. Mzere uliwonse ukhale ndi mwini, ngakhale wa mafunso ndi wa chithunzi, chifukwa chochitika chopanda dzina pambali pake chimayamba mochedwa, aliyense akuyang'ana mnzake.

Ngati bungwe limalemba Malaŵi ndi ŵ, kapena dzina la wina lili ndi chilembochi, mu Word lembani U+0175 n'kudina Alt+X nthawi yomweyo. U+ ija musaisiye: mukalemba manambala okha pambuyo pa "Mala", Word imatenga a womalizayo ngati gawo la nambala ndipo situlutsa ŵ.

Pokhapokha wapampando atavomereza nthawi ndi maina m'pamene Word itsegulidwe. Pa msonkhano wa mizere 16 ngati uwu, chooneka bwino ndiponso chosavuta kugwira ndi pepala limodzi la A4 lopindidwa pakati, lomwe limapereka masamba anayi a A5, lililonse mamilimita 148 m'lifupi ndi 210 m'litali. Tsamba loyamba likhale ndi dzina la msonkhano, mutu wake, malo ndi tsiku. Lachiwiri ndi lachitatu, amene amaonekera pamodzi munthu akatsegula, akhale a pologalamu. Lachinayi likhale la magulu, zipinda zawo ndi mafunso oti akambirane. Pa Layout, Size, sankhani A5, ndipo m'mphepete monse musiye masentimita 1.2. Mutsala ndi masentimita 12.4 olembamo.

Koperani makolamu D, E ndi F kuchokera ku Excel, ndipo pomata mu Word sankhani Use Destination Styles. Pewani zosankha zomwe zili ndi mawu oti Link, chifukwa zimamangirira tebulo ku fayilo ya Excel imene sidzapezeka pakompyuta ya osindikiza. Amene alibe Excel angalembe mzere uliwonse ndi chizindikiro cha | pakati pa nthawi, chochitika ndi dzina, n'kusankha Insert, Table, Convert Text to Table, ndipo pa Other aikepo |. Tebulo ikatuluka ndi makolamu anayi, ndiye kuti mzere wina uli ndi chizindikirocho katatu. Chimene musachite konse ndi kuyala makolamu podina batani la mpata kambirimbiri. Pakompyuta panu zidzaoneka zolunjika, koma dzina limodzi likatalika kapena fonti ikasintha, zonse zimapindika.

M'lifupi mwa makolamu muike nokha: nthawi masentimita 2.6, chochitika 5.8, wolankhula 4.0, kenako AutoFit, Fixed Column Width, kuti Word isamasinthe yokha. Masentimita 2.6 amakwana 08:30–08:45 pamzere umodzi mu Arial wa 10 kapena 11. Mukachepetsa, nthawi yothera imagwera pansi ndipo diso silithanso kutsika molunjika. Zilembo zisachepere 10, chifukwa m'maholo ambiri kuwala n'kochepa ndipo achikulire ambiri sadzabwera ndi magalasi. Fonti ikhale imodzi, yopezeka pakompyuta iliyonse. Zilembo zonenepa zikhale pa nthawi kapena pa chochitika, osati ponse pawiri. Mizere ya tiyi ndi nkhomaliro ipatseni mthunzi wotuwa pang'ono kuti munthu aipeze msanga, popeza ndi imene aliyense amayamba kuifuna. Mthunziwo ukhale wopepuka: wakuda ndi zilembo zoyera umaoneka bwino pakompyuta, koma pafotokope umasanduka chibanga chosawerengeka ndipo umamaliza inki.

Mizere yathu 16 imagawika bwino: isanu ndi itatu mpaka tiyi patsamba lachiwiri, isanu ndi itatu kuyambira kwa msungichuma patsamba lachitatu. Kuti mutu wa tebulo uonekenso patsamba lachitatu, dinani mumzere woyamba n'kusankha Repeat Header Rows. Podula tsamba, musadine Ctrl+Enter mkati mwa tebulo, chifukwa Word imaidula kukhala matebulo awiri ndipo mutu uja subwerezedwa. M'malo mwake dinani pamzere wa msungichuma, tsegulani Paragraph, Line and Page Breaks, ndi kuchonga Page break before. Komanso sankhani tebulo yonse, Table Properties, Row, chotsani chongi pa Allow row to break across pages, kuti dzina la munthu lisatsale tsamba lina udindo wake uli tsamba lina.

Werengani masamba pansi pa zenera: akhale anayi enieni. Kabuku kopinda kamayenda ndi masamba anayianayi, ndiye tsamba lachisanu, ngakhale lopanda kanthu, limasandutsa ntchitoyo kukhala ya mapepala awiri pa munthu aliyense ndipo tsamba la magulu silikhalanso kuseri kwa chikuto. Kawirikawiri tsamba lotere limabwera chifukwa cha kandime kopanda mawu kamene Word imasiya pansi pa tebulo. Dinani Ctrl+Shift+8 kuti zizindikiro zobisika zioneke, pezani ¶ amene wagwera patsamba lakelake, ndipo ngati sakufufutika muchepetseni kukula kwake kufika pa 1.

Kwa osindikiza pitani ndi PDF, osati fayilo ya Word, chifukwa kompyuta yawo ikasowa fonti yanu imaikapo ina ndipo mizere imasuntha. Mu Adobe Acrobat Reader, pa Print, sankhani Booklet ndi pepala la A4. Pulogalamuyo imayala yokha masamba: mbali imodzi 4 kumanzere ndi 1 kumanja, mbali inayo 2 ndi 3. Ngati pulinta imasindikiza mbali zonse ziwiri yokha, ikhale pa Flip on short edge. Ikakhala pa long edge, mkati mumatuluka chadodolido. Ngati imasindikiza mbali imodzi, gwiritsani ntchito Front side only, bwezerani pepala, kenako Back side only, mutayesa kaye ndi pepala limodzi lomwe mwalichonga ndi pensulo kuti mudziwe mbali yolowetsera. Word nayo ili ndi Book fold yochita ntchito yomweyi, koma musaphatikize njira ziwirizi. PDF ikakhala kuti ili kale ndi masamba awiri papepala limodzi, Booklet idzawachepetsanso kachiwiri.

Sindikizani kope limodzi, lipindeni, ndipo lipatseni munthu amene sanaone mndandanda uja. Iye awerenge mokweza, inu mukutsatira pa Excel. Aone ngati nthawi yothera ya mzere uliwonse ndi yomwe ikuyambira mzere wotsatira, afananitse maina chilembo ndi chilembo ndi mauthenga otsimikiza aja, ndipo atsegule kalendala kuona ngati tsiku la sabata likugwirizana ndi deti. Cholakwa cha deti chimachuluka pamene chikuto chakopedwa ku pologalamu ya chaka chatha: nambala ya chaka imasinthidwa, "Lachinayi" n'kutsala.

Pa anthu 120 sindikizani makope 135, chifukwa alendo amabwera ndi owaperekeza ndipo mapepala ena amaonongeka popinda. Ndi mapepala 135 pa limu ya 500. Pepala wamba la magalamu 80 limakwana, ngakhale kuti chizindikiro chakuda pachikuto chimaonekera kuseri. La magalamu 100 kapena 120 limagwirika bwino, koma lolemera kuposa apo limasweka pamsana likapindidwa ndi manja osalembedwa kaye mzera. Sindikizani madzulo a tsiku loti mawa msonkhano, osati sabata yathunthu isanafike pamene maina akusinthabe, komanso osati m'mawa wa tsikulo pamene magetsi angathe kuzima. Fayilo iliyonse yatsopano ikhale ndi deti m'dzina lake, ndipo zakale zichotsedwe pa fulashi yopita kwa osindikiza, kuti pakhale imodzi yokha yoti atsegule.

Patsala pepala lina limodzi lomwe silipita kwa anthu onse. Wotsogolera mwambo ndi wosunga nthawi amafunika Excel ija yonse, yosindikizidwa pa A4 m'zilembo zazikulu, kolamu ya mphindi ili pomwepo. Pa iyo mulembe zimene mwabisa pa pologalamu ya anthu: kuti mwa 35 za mlendo 5 ndi za womuitana, kuti phunziro lililonse liime pa mphindi 30 kuti mafunso apeze malo, kuti gulu lililonse lili ndi 8, ndi kuti 10 zosungira zili kumapeto. Mulembenso chimene chidulidwe choyamba zinthu zikachedwa, mogwirizana ndi wapampando. Pamsonkhano uwu, mlendo akachedwa kupitirira 09:45, msungichuma akwere kudzapereka lipoti lake m'mawa, mawu a mlendo ayambe akangofika, ndipo chithunzi chijambulidwe anthu akumwa tiyi.